Fitinesi ya thanzi ndi fitinesi ya luso, tithandizeni mayeso ayandikira

Tadala: Anzanga mwaswera bwanji. Ine topiki ija ya fitinesi yandimanga mutu, manotsi ndili nawo ndipo ndaloweza kuti ya thanzi ili ndi mbali 5 ya luso ili ndi 6 koma funso likangobwera mwanjira ina ndimasokonezeka. Dzulo pa disikashoni wina anafunsa kuti munthu wothamanga mamita 100 akuonetsa fitinesi iti, theka linati ya thanzi poti kuthamanga nkwabwino ku mtima, theka linati ya luso, mpaka tinabalalika osagwirizana. Amene akuimva bwino atifotokozere ngati akufotokozera mwana wa sitandade 6 chonde

Yamikani: Zophweka izo ase. Ya luso ndi ya anthu ampira, ya thanzi ndi ya ife anthu wamba. Ndiponso ya luso umabadwa nayo pamene ya thanzi umachita kuipanga ndi ma ekisesaizi. Ukalemba choncho wakhoza basi

Nasibeko: Ine mmene ndinamvera nthawi yathu, ya thanzi ndi zija za kudya magulu 6 a zakudya, kusamba mmanja, kugona mu neti, ndiye ya luso ndi masewerawo. Kapena zinasintha?

Tadala: Ayi madamu zimenezo ndi za ukhondo ndi kadyedwe. Pa manotsi athu ya thanzi alemba kupirira kwa mtima ndi mapapo, nyonga za minofu, kupirira kwa minofu, fulekisibiliti ndi bode kompozishoni, ndiye ya luso alemba ajiliti, balansi, kodineshoni, pawa, riyakishoni taimu ndi sipidi. Kuloweza ndaloweza koma chifukwa chake anazigawa choncho ndi chimene sindikuchiona

Chisale: Ndalowa mochedwa, ndinali ku sitafu mitingi. Tadala mndandanda wakowo uli bwino ndipo ndi umene mabuku ambiri amatsata, kagawidwe kameneka kanatchuka kwambiri ndi pepala la a Caspersen ndi anzawo la mu 1985. Tsopano usayambe ndi mndandandawo, yamba ndi funso limodzi lomwe uzifunsa pa mbali iliyonse: munthu akasowa chimenechi, chimamuchitikira nchiyani? Ngati yankho ndi lakuti azidwaladwala kapena ntchito za tsiku ndi tsiku zizimukanika, imeneyo ndi ya thanzi. Ngati yankho ndi lakuti angogonja pa masewero koma moyo wake uziyenda bwinobwino, imeneyo ndi ya luso. Tayesa ndi mtima ndi mapapo. Munthu amene akakwera kamtunda pang'ono wayamba kale wefuwefu, mtima ukugunda ngati utuluka, ameneyo ali pa chiopsezo cha BP, shuga ndi matenda a mtima, ndipo olo asasewere mpira moyo wake onse vutolo limupezabe. Tsopano yesa ndi sipidi. Munthu amene amatenga masekondi 20 kumaliza mamita 100 sadwala chifukwa cha zimenezo, atha kufika zaka 90 akulima yekha, chabe sitimuika pa wing'i. Nchifukwa chake sipidi ili ku luso.

Tadala: Eeh ndiye wa mamita 100 uja ndi luso?

Chisale: Ndi luso, sipidi makamaka, kuphatikizapo riyakishoni taimu ponyamuka ndi pawa m'miyendo. Mpikisano umenewu umatha mtima ndi mapapo zisanayambe nkomwe kuyesedwa bwino, katswiri amamaliza m'masekondi 10, mphamvu yake amatenga yomwe ili kale m'minofu. Anzako aja anasokonezeka ndi liwu loti kuthamanga. Usayang'ane kuti munthu akuthamanga, yang'ana kuti akuthamanga motani komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Amene akuthamanga pang'onopang'ono mphindi 20 osaima ndiye akuyesa mtima ndi mapapo, ngati anyamata aja a mpikisano wa ma pota pa phiri la Mulanje.

Yamikani: Koma bwana zomwe ndanena zija sizolakwikatu. Temwa Chawinga sipidi ija anachita kuphunzira? Anthu aja amabadwa nazo

Chisale: Theka uli bwino Yamikani. Nzoona kuti chibadwa chimalamula kwambiri ku sipidi, pawa ndi riyakishoni taimu, minofu ya anthu ena ili ndi timitsitsi tambiri tokoka mwachangu ndipo zimenezo sungagule. Ukalemba kuti ya luso imadalira kwambiri chibadwa kuposa ya thanzi, mfundo imeneyo ndi yovomerezeka. Koma ukalemba kuti siiphunzitsika walakwitsa, nanga ma kochi amatani tsiku lililonse pa giraundi? Balansi ndi kodineshoni zimakula kwambiri ndi kuyeserera, mwana amene sankatha kuwakha mpira mu Janyuwale pofika Epulo akuwakha. Komanso ya thanzi nayo chibadwa chilimo, mabanja ena ndi onenepa ena ndi owonda. Pomwe walakwitsa zenizeni ndi poti ya thanzi ndi ya anthu wamba okha. Temwa yemweyo amasewera mphindi 90, popanda mtima ndi mapapo olimba sipidi ija ikanamathera mphindi 15 zoyamba. Wamasewero amafuna zonse ziwiri, ya thanzi ndiye maziko. Munthu wamba ya thanzi ndi yokakamiza, ya luso imangomuthandizira.

Chikondi: Ine changa ndi pawa ndi nyonga za minofu, izi ziwiri zandidyera malikesi pa asainimenti. Ndinalemba kuti munthu wonyamula thumba la chimanga akuonetsa pawa, anandidula ndi cholembera chofiira osalongosola kanthu. Nanga thumba la makilo 50 si pawa imeneyo?

Chisale: Tiyeni tikhale pa thumba lomwelo Chikondi chifukwa likhoza kutiphunzitsa zitatu nthawi imodzi. Mnyamata waweramira thumba la makilo 50, walidzutsa pang'onopang'ono mpaka paphewa. Palibe amene akumuwerengera nthawi, funso ndi loti minofu yake ingakwanitse kulemera kumeneko kamodzi kapena ayi. Izo ndi nyonga za minofu, ya thanzi. Tsopano mnyamata yemweyo wafika pa lole, akuyenera kuliponya thumbalo m'mwamba kuti ligwere mkati, apa pang'onopang'ono sizitheka, ayenera kutulutsa nyonga zonse mkanthawi kochepa kwambiri. Iyo ndiye pawa, nyonga kuphatikiza changu, mabuku amalemba kuti nyonga kutaimusa sipidi. Ndiye tinene kuti matumba alipo 40 ndipo akuyenera kuwatuta onse kuchoka mu sitolo, minofu yomweyo ikugwira ntchito mobwerezabwereza osafooka, uko ndi kupirira kwa minofu, ya thanzinso. Pa asainimenti yako munalibe kuponya kapena kudumpha kulikonse, nchifukwa anakudula. Pa mayeso ukaona mawu ngati kudumpha, kuponya, kumenya shoti, kunyamuka mwadzidzidzi, ganiza pawa. Ukaona kamodzi kapena cholemera kwambiri ganiza nyonga. Ukaona mobwerezabwereza kapena kwa nthawi yaitali ganiza kupirira.

Chikondi: Ndiye kupopa mjigo mpaka ndowa zinayi kudzadza ndi kupirira kwa minofu eti, osati kwa mtima?

Chisale: Kwenikweni kwa minofu, chifukwa chomwe chimayamba kukukanika ndi mikono ndi mapewa kuwotcha, mpweya ukadali nawo. Njira yosiyanitsira ndi imeneyo, funsa kuti chimene chikumuimitsa munthuyu nchiyani. Ngati waima chifukwa gawo limodzi la thupi latopa, ndi minofu. Ngati waima chifukwa mpweya wamuthera ndipo sakutha kulankhula, ndi mtima ndi mapapo.

Limbani: Moni nonse ine ndili ku Joni kuno, uphunzitsi ndinausiya koma gulu ndikadali nalo. Nkhani imeneyi yandikhudza chifukwa ku jimu komwe ndimapita kuli mkulu wina chifuwa chake ngati chitseko, amanyamula zitsulo zoti ife awiri sitingazisunthe, koma tsiku lina lifiti itafa tinakwera naye masitepe, pofika fulo yachitatu anakhala pansi thukuta kamukamu. Ndiye funso langa, munthu ameneyu tinene kuti ndi fiti kapena ayi? Chifukwa pa maso aliyense amati ndi fiti

Chisale: A Limbani chitsanzo chanucho nchabwino kwambiri pa mayeso. Mkuluyo ali ndi mbali imodzi ya fitinesi ya thanzi, nyonga za minofu, koma mbali ya mtima ndi mapapo alibe, ndipo mwina mukamuuza agwire zala za kumapazi osapinda mawondo zimukanikanso. Mbali zisanuzi sizibwera pamodzi, iliyonse imafuna ekisesaizi yake. Nchifukwa chake funso likati fotokozani chifukwa chake mphunzitsi ayenera kusinthasintha zochita mu phunziro la PE, yankho lake lagona pomwepa.

Limbani: Zoona, amangopanga zitsulo basi, pa njinga ija sindinamuonepo

Nasibeko: Pepani ndibwererenso, ine a dokotala anandipeza ndi BP chaka chatha ndiye anandiuza ndiziyenda ndawala mmawa uliwonse. Ndiye kusukulu kwathu ine ndi amene ndimaphunzitsa atsikana netibo, ndimaganiza kuti poti ndimakhala pa giraundi masana alionse ndiye kuti ekisesaizi ndikupanga kale. Zikukwanira zimenezo kapena ndiziyendabe?

Thoko: Madamu funso la Tadala ndi la mayeso koma lanuli lagwera momwemo. Mukakhala pa giraundi mumathamanga nawo kapena mumaima ndi wezulo nkumaponya mpira apo ndi apo? Chifukwa kuponya ndi kuwakha mutaima ndi kodineshoni, mtima sukugwira ntchito yambiri pamenepo. Zomwe anakuuzani a dokotala muzipangabe, a WHO amati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ekisesaizi yoti ukupuma mwamphamvuko koma ukutha kulankhula

Nasibeko: Ndimaima ndi wezulo mwana wanga, kuthamanga ndi mawondo anga ano ayi. Chabwino ndamva, ndiziyenda

Tadala: A Chisale nanga ajiliti ndi sipidi? Kwa ine zonse ndi changu. Ndiye palinso riyakishoni taimu nayonso changu, zitatu zonse changu chokhachokha

Thoko: Iyi ndiyankheko ine poti ndinasewerapo senta ku sekondale. Tenga fulaye Tada. Mtsikana ali pakati, awiri akumuponyera mpira uku ndi uku. Mpira ukangochoka mdzanja la woponya, kanthawi kamene kamadutsa iye asanayambe kusuntha ndi riyakishoni taimu, maso aona ubongo walamula thupi layamba. Ndiye kuzinda kuja, wapita kumanzere wabwerera kumanja wawerama watembenuka osagwa, ndiye ajiliti, kusintha kolowera mwachangu thupi uli nalo mmanja. Sipidi ndi pamene mpira wapita kutali iye nkuyamba kuthamanga mzere umodzi kuchoka uku kufika uko kuwerengetsa mapointi. Ku netibo ndinaona atsikana oti pa mamita 100 amatisiya tonse koma mu koti samatha kumuthawa difenda chifukwa akathamanga kuima kumawavuta, amapitirira kapena kupanga futuweki. Sipidi anali nayo ajiliti analibe

Chisale: Thoko wafotokoza bwino kuposa mmene ndikananenera. Ndingowonjezera kuti riyakishoni taimu imathera pomwe thupi layamba kusuntha, zotsatira zakezo ndi zina. Ku mipikisano ikuluikulu ya mamita 100, wothamanga akanyamuka pasanathe sekondi 0.1 mfuti italira amamuwerengera kuti wanyamuka msanga, chifukwa amati munthu sangamve kulira nkuyankha mofulumira choncho. Ndipo oponya mpira aja pa fulaye nawo akuonetsa kodineshoni, diso ndi dzanja kugwirizana.

Yamikani: Ndiye fulaye yonse ndi luso basi, ilibe thanzi

Thoko: Ayi ase, asewere mphindi 30 osapuma uone ngati sapuma wefuwefu. Sewero limodzi limakhala ndi zonse

Chisale: Apa ndi pamene ambiri amataya malikesi ndiye ndikhalepo pang'ono. Sewero silikhala la thanzi kapena la luso, zomwe timagawa ndi mbali za fitinesi zomwe zili mkati mwa sewerolo. Jingo mwachitsanzo, mwana akulumpha chingwe, kuti mapazi anyamuke nthawi yomwe chingwe chikudutsa ndi kodineshoni, koma akalumpha mphindi zisanu osalekeza ndiye kuti mtima, mapapo ndi akatumba a miyendo zikugwira ntchito. Ndiye tiyerekeze funso labwera motere: tchulani sewero limodzi la makolo ndipo fotokozani mbali imodzi ya fitinesi ya thanzi ndi imodzi ya luso zomwe limakulitsa. Wina alemba kuti jingo, imalimbitsa thupi komanso imapatsa luso. Ameneyo sanatchule mbali iliyonse, wapeza malikesi a dzina la sewero okha. Wina alemba kuti jingo, imakulitsa kupirira kwa mtima ndi mapapo chifukwa mwana amalumpha nthawi yaitali osapuma ndipo mtima umagunda mofulumira, komanso imakulitsa kodineshoni chifukwa maso ndi mapazi ziyenera kugwirizana ndi kuzungulira kwa chingwe. Ameneyu watchula mbali, wanena gulu lake, wapereka chifukwa chochokera mu sewero lenilenilo. Mawu oti chifukwa ndi amene amakupatsa malikesi. Ndipo sankhani sewero mwanzeru, phada ndi wabwino pa kodineshoni koma ana amasewera atakhala pansi, ukamusankha pa funso ngati ili mbali ya thanzi uivutikira.

Tadala: Nanga likangoti siyanitsani ziwirizi basi? Ine ndimangolemba mindandanda iwiri ija

Chisale: Mindandanda yokha si kusiyanitsa, kumeneko ndi kutchula. Kusiyanitsa kumafuna kuti mfundo iliyonse ikhale ndi mbali ziwiri mu chiganizo chimodzi, pakati pali mawu oti pamene. Ine ndikanalemba kuti ya thanzi cholinga chake ndi kuteteza thupi ku matenda ndi kulithandiza kugwira ntchito za tsiku ndi tsiku pamene ya luso cholinga chake ndi kuchita bwino pa masewero. Kenako kuti ya thanzi imafunika kwa munthu aliyense moyo wake onse pamene ya luso imafunika kwambiri kwa amasewero ndi ntchito zina zofuna changu. Kenako ija ya Yamikani titaikonza, kuti ya thanzi aliyense atha kuikweza kwambiri ndi ekisesaizi pamene ya luso mbali zina chibadwa chimaika malire. Zitsanzo ziwiri mbali iliyonse uike kumapeto. Uyang'anenso malikesi ali pambali pa funso, akakhala ochepa usalembe peji yonse nthawi ikutha.

Chikondi: Funso lina lomwe ndinaliona pa pepala lakale la ku koleji kwathu linali loti mungayeze bwanji mbali zimenezi pasukulu yopanda zipangizo. Ine sukulu yomwe ndinapanga tichingi pulakatisi kunalibe olo sitopuwotchi, mpira unali wa mapepala

Chisale: Foni yako ndi sitopuwotchi, ndiye upeze rula, choko ndi tepi kapena chingwe choyeza kale. Ndikupatse ziwiri za luso zomwe ndimapanga ine. Ya riyakishoni taimu, gwira rula ya masentimita 30 cholendewera, ziro ili pansi pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala cha mwana koma asaikhudze, uisiye osamuchenjeza iye aigwire, uwerenge pomwe wagwira. Nambala yaing'ono ndiye yabwino. Ukafuna kusandutsa masekondi fomula yake ndi t = √(2d ÷ 980), d ali masentimita. Wagwira pa 20, ndiye 40 kugawa ndi 980 nkupeza sikweya ruti, ikubwera pafupifupi sekondi 0.20. Wagwira pa 11 ikubwera 0.15. Apange katatu utenge ya pakati chifukwa ana amayamba kulosera, ukaona wagwira pa 2 kapena 3 dziwa kuti anatseka zala usanasiye, imeneyo usawerenge. Ya pawa, mwana apake choko ku zala, aime chammbali pa khoma atambasule mkono akhudze, kenako anyonyomale pang'ono adumphe akhudzenso. Uyeze mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo. Ataima wafika 190, atadumpha 225, ndiye kuti walumpha masentimita 35. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kulemba 225 yo, ndiye mwana wamtali amapambana nthawi zonse olo asadumphe kwenikweni.

Thoko: Ya balansi ife tinkapanga yoima mwendo umodzi, phazi linalo waliika pa bondo manja mchiuno nkunyamutsa chidendene, mnzako akuwerenga masekondi mpaka utagwedezeka. Ndiye ya thanzi yosavuta ndi ija yothamanga mphindi 12 ya Cooper, umangozungulira giraundi nkuwerenga mtunda omwe wakwanitsa

Chisale: Eya ya Cooper inayamba mu 1968 ndipo ikugwirabe ntchito, bola uyeze kaye giraundi yako chifukwa magiraundi athu ambiri sakwana mamita 400 kuzungulira. Koma kwa ana a pulaimale samalani nayo. Amanyamuka ndi liwiro lonse ngati mamita 100, pofika mphindi ziwiri theka akuyenda, ndiye chomwe wayeza si mtima koma kusadziwa kugawa mphamvu. Ayeserere kaye masiku angapo, uwalole kuyenda akatopa, usapangitse dzuwa lili paliwombo mwezi wa Okutobala, ndipo ufunse kaye amene ali ndi asima, amene wangochira malungo ndi amene sanadye kanthu mmawa. Ya fulekisibiliti akhale pansi miyendo yowongoka mapazi atatsamira bokosi, rula ili pamwamba, atambasule manja kutsogolo pang'onopang'ono osadzigwedeza, ndipo ayambe atenthetsa thupi.

Yamikani: Bode kompozishoni ndiye BMI ija basi eti, kulemera kugawa ndi kutalika

Limbani: Kutalika kutaimusa kutalika ase, BMI = kg ÷ m². Munthu wa makilo 60 wotalika mita 1.65 umapanga 1.65 kutaimusa 1.65 ikupatsa 2.72, ndiye 60 kugawa ndi 2.72 ikubwera 22, ali bwino chifukwa kwa akuluakulu pabwino ndi 18.5 mpaka 24.9. Koma ine BMI sindiikhulupirira, mkulu wa ku jimu uja ingamuike ku onenepa kwambiri pomwe ndi minofu yokhayokha

Chisale: Nzoona a Limbani, ndipo Yamikani usalembe kuti bode kompozishoni ndi BMI. Bode kompozishoni ndi kuchuluka kwa mafuta poyerekeza ndi minofu, mafupa ndi zina zonse za mthupi. BMI ndi njira yongoyerekeza chifukwa sikelo siidziwa kuti kilo iyi ndi ya mafuta kapena ya mnofu. Wakabaza wa makilo 80 wotalika 1.70 BMI yake ikubwera pafupifupi 27.7, pa tchati ndiye kuti wapyola, koma munthuyo pamimba palibe kanthu. Komanso manambala a 18.5 ndi 24.9 aja sagwira ntchito pa ana, iwo ali ndi matchati awo otengera zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Ndipo kwathu kuno musamangoganiza za kunenepa, mkalasi mwanu mupezamo ana ambiri ochepa thupi kuposa onenepa, imeneyonso ndi nkhani ya bode kompozishoni. Ine sindiyeza ana kulemera pamaso pa anzawo, amasekana ndipo mtsikana wa sitandade 7 akasekedwa kamodzi PE saibweranso.

Nasibeko: Koma a Chisale ine pali pomwe sindikugwirizana nanu. Mwati ya luso ukaisowa sudwala. Mayi anga ali ndi zaka za m'ma 80, chaka chatha anaterereka pakhonde nkuthyoka fupa la mchiuno, mpaka lero sayenda bwino. Chinawagwetsa si kusowa balansi komweko? Ndiye mukati balansi si ya thanzi ine zikundivuta kumvetsa

Chisale: Pepani ndi za mayi madamu. Ndipo simukulakwa ayi, mzere umenewu anaujambula ndi anthu pofuna kuphunzitsa mosavuta, thupi lenilenilo silinagawike choncho. Kwa okalamba balansi ndi nkhani ya moyo ndithu, a WHO mu malangizo awo a 2020 amati anthu a zaka 65 kupita mtsogolo azipanga ma ekisesaizi a balansi ndi nyonga masiku osachepera atatu pa sabata kuti asamagwe. Ndipo alipo mabuku ena atsopano a ku Amerika omwe pawa anaisamutsira ku thanzi, ati kudumpha kumalimbitsa mafupa a ana komanso nkhalamba imafuna pawa kuti idzuke pampando.

Tadala: Iiii ndiye ife tilembe ziti pa mayeso?? Mwandibwezeranso kumbuyo

Chisale: Lemba zomwe zili mu modyulo yanu, balansi ndi pawa ku luso, 5 uku 6 uku, chifukwa wochonga ali ndi makingi sikimu yochokera mmenemo. Zinazi uzisunge pa funso loti kambiranani, pamene ungawonjezere chiganizo chimodzi chonena kuti mbali zina za luso monga balansi zimathandizanso thanzi la okalamba.

Nasibeko: Pa mayeso chabwino alembe zimenezo koma ine mumtima mwanga balansi ndi ya thanzi, ndaziona ndi maso

Yamikani: Ine ndili mbali ya madamu, komanso riyakishoni taimu, wakabaza wanjinga yamoto akachedwa kugwira buleki si imfa imeneyo

Thoko: Imeneyo ndi ngozi Yami si matenda, ukatero ndiye chilichonse chikhala thanzi. Fulekisibiliti ndi imene ine imandidabwitsa kuti ikutani ku thanzi, ndimaiona ngati ya ajimunasitiki

Chisale: Anaiika kumeneko chifukwa cha ntchito za tsiku ndi tsiku Thoko, kuwerama pochapa, kutembenuza khosi, kufikira chinthu pamwamba, mfundo zikauma zonsezi zimavuta, ndipo mabuku amaigwirizanitsa ndi kupweteka kwa msana ngakhale akatswiri amatsutsanabe kuti imatetezadi msana mpaka pati. Pa mayeso ndi ya thanzi, ndipo ndi imene ophunzira ambiri amaiponya ku luso, iwo nkutenga pawa kuiika ku thanzi. Ziwiri zimenezi muzisamale.

Chikondi: Funso lomaliza ine, pa lesoni pulani ya mphindi 35 ndingaike zonse ziwiri kapena ndisankhe imodzi? Ana anga anali 90 kuposa, mpira umodzi

Thoko: Ine ndinkayamba ndi chipako mphindi 5 kuti atenthedwe aliyense akuthamanga, kenako kudziwongola, ndiye magulu anayi, lina jingo lina fulaye lina kudumpha mzere lina kuzungulira miyala yomwe ndaika zigizagi, mphindi 5 wezulo asinthane. Chomwe lekichara wanga ankadana nacho ndi mzere wautali, ana 90 kudikira mpira umodzi, mwana amaugwira kawiri piriyodi yonse ndiye palibe thanzi palibe luso

Chisale: Pulani ya Thoko ili bwino, ungoonetsetsa kuti pa sakisesi kiraiteriya watchula mbali yeniyeni, osangoti ana alimbitsa thupi. Lemba kuti ophunzira azungulira miyala 6 osaigunda, pamenepo aliyense akuona kuti ukuphunzitsa ajiliti ndipo utha kuiyeza. Ndipo uwaphunzitse kugwira kugunda kwa mtima pakhosi kapena padzanja, awerenge masekondi 15 ataimuse ndi 4, asanayambe komanso atangomaliza jingo, aone okha nambala ikukwera. A sitandade 6 amazikonda kwambiri zimenezi ndipo masamu alowa momwemo.

Tadala: Zikomo kwambiri a Chisale ndi nonse, ndikapereka ku disikashoni mawa. Thoko unditumizire pulani yakoyo ku inibokisi. Koma wina andiyankhe ichi ndisanagone, golokipa akadumpha kugwira penati, ndilembe riyakishoni taimu, pawa kapena ajiliti?

Thoko: Zimatengera funso lafunsa gawo liti Tada, kuona mpira nkunyamuka ndi riyakishoni, kudzikankha ndi mwendo mpaka kukafika pa kona ndi pawa

Yamikani: Pa penati ambiri amangolosera mbali ase sadikira kuona mpira, ndiye riyakishoni yake ili pati pamenepo

Chisale: Yamikani apa wanena zoona, mpira wa penati umachoka pa mamita 11 okha ndipo womenyedwa mwamphamvu umafika pagolo mu theka la sekondi kapena kuchepera, ndiye magolokipa ambiri amawerenga thupi la womenya nkunyamuka mpira usanamenyedwe. Koma pa pepala Tadala, funso likati mbali imodzi lemba riyakishoni taimu ndi chifukwa chake, likati ziwiri wonjezera pawa.